Kuthamanga Sikufika, Nanga Kupalasa?

Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Amene amaukonda kwambiri mwambiwu ndi anthu opanda njinga, makamaka mnzawo akawadutsa m'mamawa akuliza belu. Koma poti bwana kuntchito amayang'ana wotchi osati miyambi, tiyeni tiwerengetsere.

Munthu woyenda ndawala amatha makilomita pafupifupi 5 pa ola, ndiye kuti kilomita imodzi imamudyera mphindi 12. Wa njinga yakapalasa, pamsewu wabwino, amatha makilomita 15 pa ola, kilomita imodzi mphindi 4 basi. Pa kilomita iliyonse amapindula mphindi 8. Apa mwambi uja wayamba kutuluka thukuta.

Musafulumire kuwaseka makolo, chifukwa njinga ili ndi miyambo yake. Imagona m'nyumba kuopa akuba, choncho muyambe mwasuntha mipando kuti ituluke. Mukadina tayala mupeza laphwa pang'ono, ndipo pampu anabwereka aneba. Thalauza mulipisire m'sokosi kuti tcheni chisalidye. Mukafika, mufune pokhoma loko, kenaka mupukute thukuta musanaonekere kwa anthu. Zonsezi tiziike pa mphindi 8, ndipo pamenepo takukomerani mtima.

Ngati kuntchito kwanu ndi theka la kilomita, woyenda pansi afika m'mphindi 6, inu m'mphindi 10, ndipo mudzampeza atatereka kale madzi a tiyi. Pa kilomita imodzi mufikira limodzi, nonse mphindi 12, kungoti winayo alibe girisi m'manja. Ufumu wa mwambi uja umathera pomwepa.

Tiyese makilomita 6. Wapansi ayenda mphindi 72, pomwe wanjinga apalasa mphindi 24, kuphatikiza 8 zija zikwana 32. Kusiyana kwake ndi mphindi 40 popita, 40 pobwerera. Pa masiku asanu a ntchito ndi maola 6 ndi mphindi 40, ndipo munthu wotereyu kumuuza kuti kuthamanga sikufika ndi nsanje chabe.

Masamuwa amayenda bwino kumalo athyathyathya ngati ku Salima kapena ku Nchalo. M'zitunda za ku Blantyre ndi ku Zomba nkhani imasintha. Pachikweza mumatsika n'kuyamba kukankha, ndipo pamenepo mwasanduka woyenda pansi, koma wokhala ndi katundu. Mphindi zotayikazo zina mumazibweza madzulo potsetsereka, ngati mabuleki alipo. Ngati buleki yanu ndi chidendene, m'mawerengedwe muikemonso nsapato.

Oyenda pansi chiyembekezo chawo chonse chili pa msomali. Chubu chikabooka, kukankha njinga mpaka kwa womata pansi pa mtengo, kudikira kuti apeze bowo m'beseni la madzi, amate ndi kupopa, kungathe mphindi 30. Pa makilomita 6 aja wanjinga afikabe m'mphindi 62, patsogolo ndi mphindi 10. Kuti mwambi upambane pamafunika misomali iwiri, kapena womatayo akhale kuti wapita kumaliro.