Nanga amene anakana aja alembedwa pati?

M'buku la maminitsi a banki m'khonde yathu muli mzere uwu: "Mamembala anagwirizana zotsitsa chiwongoladzanja." Zathera pomwepo. Ine za kayendetsedwe ka misonkhano sindinaphunzire, koma mzerewu ukundizunguza mutu. Kutsitsa kufika pati? Kuyambira liti? Ndipo tsikulo manja okana ndinawaona ali m'mwamba, nanga eni manjawo apita kuti?

Mafunsowa ndinakawatula kwa aphunzitsi ena opuma pantchito, amene akhala mlembi wa kumpingo kwa nthawi yaitali.

Anayamba ndi ganizo lenilenilo. Akuti lilembedwe m'mawu omwewo amene anthu avotera, ndipo mlembi aliwerenge mokweza manja asanakwezedwe. Lathu likanayenera kukhala lotere: "Kuti chiwongoladzanja chitsike kuchoka pa 20 kufika pa 10 peresenti pamwezi, pa ngongole zotengedwa kuyambira pa 1 Malichi." Pansi pake pabwere dzina lonse la amene wabweretsa ganizo ndi la amene wasekonda.

"Koma aphunzitsi, maina ndi a chiyani poti zavomerezedwa ndi gulu? Si kuika anthu pamoto kumeneko?"

"Iyayi mwanawe. Maina ndi umboni woti nkhaniyo inalowa mwadongosolo, sanangoyitola wapampando m'mutu mwake."

Nanga wosekondayo, ndiye kuti wagwirizana nazo? Apa ndinadabwa, chifukwa akuti si nthawi zonse. Iye akungonena kuti nkhaniyi ndi yoyenera kuikambirana, ndipo atamva maganizo a anzake akhoza kuvota mokana. Akasowa wosekonda ganizo lagwa, silikambidwanso, ndipo mlembi alembe kuti linagwa chifukwa chosowa wosekonda.

Pamene panandivuta kwambiri ndi pa zosintha. Tili m'kati mokambirana, msungichuma anati 10 yachepa, podzagawana Disembala tidzatuluka chimanjamanja, bola 15. Tinakweza manja kamodzi kokha, kenaka tinabalalika. Tsopano tinavotera chiyani, 10 kapena 15? Mpaka lero ena akuti ichi, ena akuti icho.

Aphunzitsi anati kusinthako nakonso ndi ganizo palokha, lofuna wolibweretsa, wolisekonda ndi voti yakeyake. Mawu ake alembedwe mosazungulira: "Kuti pamene pali 10 paikidwe 15." Voti ya kusintha ndiyo imayamba. Ikalephera, mubwerera ku ganizo loyamba lija monga linalili. Ikapambana, mlembi awerengenso ganizo lonse lili ndi 15 m'kati, ndipo muvotenso.

"Kuvota kawiri pa nkhani imodzi?"

"Si imodzi ayi. Poyamba mukusankha pakati pa 10 ndi 15. Kachiwiri mukusankha kutsitsa kapena kusiya pa 20. Munthu wosafuna kutsitsa akhoza kuvomera 15 poopa 10, kenaka n'kukana ganizo lonse."

Ndinafunsanso ngati sikukwanira kulemba kuti ambiri anavomera. Anatenga pepala, nati tiyerekeze kuti pamsonkhano pali anthu 22. Pa kusintha: ovomera 12, okana 7, osavota 2, wapampando sanavote. Pa ganizo losinthidwa: ovomera 14, okana 6, wosavota 1, wapampando sanavote. Mukaphatikiza mzere uliwonse mupeze 22. Mukapeza 21 kapena 23, wina watuluka, wina walowa mochedwa, kapena wina wakweza dzanja kawiri, ndiye muwerengenso pomwepo anthu asanadzuke.

Tsono taonani chimene manambalawa anaulula. Chiwongoladzanja chili m'malamulo a gulu, ndipo magulu ena salola kusintha lamulo popanda magawo awiri mwa atatu. Magawo awiri mwa atatu a ndani? Ngati ndi a amene anavomera kapena kukana, ndiye 14 mwa 20, ganizo ladutsa. Ngati ndi a onse opezeka pamsonkhano, pa 22 pakufunika 15, ndiye lagwa ndi voti imodzi. Yankho lili m'malamulo a gululo. Koma buku likangoti "ambiri", muyerekeza malamulowo ndi chiyani?

Funso lina limandivuta kufunsa, komabe ndinafunsa: pakapanda wokweza dzanja lokana, tilembe kuti onse anavomera? Akuti pokhapokha ngati aliyense wakwezadi dzanja lovomera. Ngati awiri angokhala chete, lembani okana 0, osavota 2, musawaike m'kamwa mawu amene sananene. Maina a okana salembedwa, pokhapokha mwiniwake atapempha kapena malamulo anu atatero.

Chimene sindikumvetsabe ndi chakuti ndalama timaziwerenga pamaso pa onse, mpaka K50 yomwe, koma manja amene akulamula ndalamazo timangowayang'ana. Amlembi athu, maminitsi aja asasainidwe momwe alilimu. Pamsonkhano ukubwerawu tiyeni tiibwezenso nkhaniyi pabwalo, mutiwerengere ganizo mokweza, tivote, mulembe manambala onse.