Bwana, Ndithandizeni Matayala Anayi

Ntchito yanga pa ofesi yathu kuno ku boma la Nkhotakota ndi yolandira makalata, kudindapo chidindo cha tsiku, kenako kukawasiya pa tebulo la bwana. Kuwerenga si gawo langa, koma paja maso alibe mpanda. Pa makalata onse amene amadutsa m'manja mwanga, amene amandichotsa tulo ta masana ndi opempha ngongole ya galimoto. Amachuluka mpunga ukakololedwa, nthawi imene munthu wagulitsa matumba angapo n'kuyamba kuiona njinga yake ngati yamutukwana.

Bambo wina, wamkulu ndithu pa ntchito, analemba masamba anayi. Anayambira kutali, nthawi ya a Jumbe, pamene agogo ake ankapalasa ngalawa pa Linga. Anadutsa pa mkuyu wa Livingstone, nafotokoza za mwera umene unagudubuza bwato la malume ake ku Chia, za msana wake umene sukugwirizananso ndi kabaza, ndi za apongozi ake a ku Benga amene amamuyang'ana mapazi akafika ali tuu ndi fumbi. Tsamba lachinayi linathera mawu akuti, “Ine kapolo wanu wa nthawi zonse.” Bwana anawerenga zonse, magalasi ali pamphuno, nalemba pansi pake ndi cholembera chofiira mawu amodzi okha: “Zingati?”

Mkuluyo anaiwala kutchula ndalama. Anaiwalanso kutchula galimoto.

Mnyamata wina yemwe anali asanathe chaka pa ntchito sanaiwale. Analemba mizere itatu: akupempha adivansi ya K12,000,000 kuti agule Sienta. A akawuntanti athu, mayi wosaseka wamba, anamuitanitsa ndipo ine ndinapeza chifukwa chokapukutira kabati ya mafayilo m'chipindamo.

“Achimwene, mumalandira zingati msonkho ndi penshoni zikachoka?”

“K600,000, mayi.”

“Adivansi mumaidziwa?”

“Ndi ndalama zothandizira wantchito, mayi.”

“Ayi. Adivansi ndi malipiro anu omwe, mwangowadya asanapse. Kuno timapereka osapitirira a mwezi umodzi, n'kuwadula pa miyezi itatu, popanda chiwongoladzanja. Ndi ya maliro, ya fizi, ya denga losasuka ndi mphepo. Inu mukupempha malipiro a miyezi 20 lero lino. Ndiye kuti tikakupatsani, tidzaonanenso chaka chamawa chikamatha. Muzidya chiyani?”

Mnyamatayo anaganiza pang'ono. “Ndili ndi munda wa chinangwa, mayi. Kondowole sasowa.”

“Ndiwo?”

“Nyanja ili pomwepa.”

“Nanga galimotoyo izimwa madzi a m'nyanja?”

Kenako anamufotokozera kuti ngakhale iye atavomera kukhalira kondowole ndi usipa, bwana sangavomere, chifukwa lamulo la ntchito la 2000 silola olemba ntchito kudula ngongole yoposa theka la malipiro a munthu. Chimene akufuna iye ndi loni: ngongole ya zaka, ya pangano losainirana, ya chiwongoladzanja ndi chikole. Ndipo pa ofesi yathu loni sapatsa munthu amene sanakhazikitsidwe pa ntchito. Mnyamata anatuluka ali ndi adivansi ya K90,000, imene anagulira matayala awiri ndi tcheni cha njinga yamoto ya mlamu wake.

Kalata imene ndimaikumbukira ndi ulemu inalembedwa ndi mayi wina wa ntchito za kumudzi, amene amazungulira ku Mwansambo, ku Dwambazi ndi kwina konse kumene basi imafika mwa apo ndi apo. Inali ya tsamba limodzi, yosadzaza n'komwe. Mutachotsa moni, inanena izi: wagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, akufuna kugula Probox ya K12,000,000 kwa wogulitsa wa ku Lilongwe, ndipo kotesheni yake wamata kumbuyo, ali nazo kale K3,000,000 za mpunga, akupempha K9,000,000, azibweza K187,500 pa mwezi kwa miyezi 48, n'kuwonjezerapo chiwongoladzanja chimene ofesi ingaike, bulubuku ikhale ku ofesi mpaka ngongole itatha, akasiya ntchito ngongole isanathe, yotsalayo idulidwe pa ndalama zake zotsanzikira, ndipo zikapanda kukwana galimoto igulitsidwe. Basi. Munalibe agogo, munalibe msana.

Ndinamufunsa chifukwa chake anasankha miyezi 48, pamene anzake amakonda kulonjeza zaka zitatu kuti aoneke amphamvu. Anatenga envulopu yakale n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake. Iyenso amatenga K600,000, ndipo a akawuntanti athu theka lija amaliwerengera pa ndalama yopita nayo kunyumba, ndiye malire ake ndi K300,000. Akanati miyezi 36, bwenzi akudulidwa K250,000. Koma pa peyisilipi pake pali kale K80,000 ya ku SACCO. Kuphatikiza ziwirizi ndi K330,000, malire adumphidwa, kalata yabwerera. Pa miyezi 48 zonse pamodzi ndi K267,500, ndipo patsala kampata ka K32,500 koti chiwongoladzanja chikhalepo.

“Akawuntanti sawerenga misozi,” anatero, “amawerenga peyisilipi. Ngongole yako ina ukaibisa, iye ndiye amaidula mwezi ndi mwezi. Ukubisira mfiti maliro.”

Bwana anavomera pasanathe sabata, nangowonjezera ziwiri. Ndalama zipite kwa wogulitsa galimoto, osati m'manja mwa mayiyo, chifukwa ofesi inaphunzirapo: munthu wina anapatsidwa loni ya galimoto n'kubwera ndi mkazi wachiwiri, ndipo ameneyo bulubuku yake sinapezeke. Chachiwiri, inshuwalansi ikhale yolipira ngakhale galimoto yako yomwe ikaphwanyika, osati yotchipa ija yongolipira amene wamugunda, chifukwa chikole chikagwera mu Kaombe ofesi singagulitse thovu. Mayiyo anadandaulako za chiwongoladzanja, kuti bwanji ofesi yake yomwe imudyere. A akawuntanti anati ofesi ikabwereketsa wantchito motchipa kuposa mabanki, a MRA amaitenga ngati mphatso kwa wantchitoyo, ndipo ofesi imalipirapo msonkho. Choncho kukoma mtima kwa bwana kuli ndi risiti yake.

Mnzanga wina wa pa tebulo loyandikana nalo sanafune za ogulitsa a ku Lilongwe. Anati amenewo ndi akuba, iye aitanitsa yekha ku Japan. Anaiona pa foni, yoyera mbee, mtengo wake $3,000 mpaka pa doko la Dar es Salaam. Anachulukitsa ndi mtengo wa dola wa nthawi imeneyo, pafupifupi K1,180, napeza K3,540,000. Analemba kalata yopempha K4,000,000, nati zotsalazo ndi za mafuta ndi kaphwando kochepa kolandirira. Kalata ili pa tebulo la bwana, mu Novembala 2023, kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola n'kufika cha m'ma K1,700. Galimoto yomweyo, isanasunthe ngakhale tayala, inasanduka ya K5,100,000.

Anagulitsa mbuzi, anakongola kwa alongo ake, galimoto inakwera sitima. Ndiye kunayamba zimene foni sinamuuze: za pa doko, za ejenti wotulutsa katundu, za dalaivala woyendetsa kuchoka ku Dar es Salaam, mafuta a ulendo wonsewo. Itafika pa Songwe, a kasitomu anaiyang'ana chaka chimene inapangidwa ndi kukula kwa injini yake, namuwerengera msonkho umene unamukhazika pansi pa khonde. Galimoto inakhala pa chipata miyezi, ikuliona dziko la Malawi ndi maso okha, kwinaku ndalama yosungira ikukwera tsiku ndi tsiku. Kuno ku Nkhotakota ngongole inali itayamba kale kudulidwa. Tinkamupatsa moni m'mawa uliwonse: “Mwadzuka bwanji? Nanga odwala ku Songwe agona bwanji?”

Kalata yake yachiwiri inali yaifupi kuposa zonse zimene ndinadindapo: “Bwana, ndikupempha ngongole yowombolera ngongole.”

Pa chifukwa chofunira galimoto ndi pamene anthu amanama mopanda luso. Wina analemba kuti akufuna azifika msanga pa ntchito. Nyumba yake ili kuseri kwa ofesi, moti tambala wake ndi amene amadzutsa alonda athu. Bwana anamuyankha kuti akagula galimotoyo azichedwa, chifukwa kuitembenuza pabwalo kuzitenga nthawi yoposa kuyenda pansi. Wina analemba kuti ndi yonyamulira odwala a m'mudzi mwawo usiku. Bwana anakhudzidwa, mpaka atamva kuti mudziwo uli kutsidya kwa dambo kumene ngakhale thirakitala imapita ndi pemphero.

Koma katswiri anali bambo uja wa masamba anayi. Ataphunzira, analembanso bwinobwino, ndi manambala ake onse, nati Sienta ndi yoyendera pa ntchito ndi banja basi. Anasainira pangano loti galimoto ya loni si yochitira malonda, chifukwa inshuwalansi ya galimoto ya pakhomo siilipira ngozi ikachitika utanyamula anthu olipira. Yonyamula anthu imafuna mapepala akeake a ku Road Traffic ndi nambala yofiira ija. Iye anagwedeza mutu pa zonsezi ngati mwana wa kalasi ya ubatizo.

Patapita miyezi iwiri, Loweruka lina, galimoto ya bwana inafa pampu ya mafuta, ndipo iwo anali ndi ukwati ku Dwangwa. Anaima pa siteji m'mbali mwa M5, jekete lili pamkono. Panafika Sienta, kondakitala atatulutsa theka la thupi pa windo: “Dwangwa mmodzi! Dwangwa mmodzi, yodzadza kale!” Bwana analowa, nakhala pakati pa mayi wa beseni la usipa ndi mnyamata wonyamula batire ya sola. M'galimoto ya anthu asanu ndi awiri munali khumi ndi mmodzi, osawerengera nkhuku. Dalaivala anali atavala chipewa chofika m'maso, ndipo kuchoka pa boma mpaka kuwoloka Bua sanatembenuke ngakhale kamodzi, sanatsokomole, sanayankhe ngakhale pamene kondakitala ankamufunsa za chenje.

Atayandikira minda ya nzimbe, kondakitala anatambasula dzanja. “Akuluakulu apo, tiyeni nazo.”

Bwana anayang'ana khosi la dalaivala kwa kanthawi, khosi limene analidziwa zaka khumi ndi ziwiri.

“Auze adalaivala ako,” anatero, “kuti yanga akadule pa ngongole.”

Lolemba m'mawa ndinapeza kalata pansi pa chitseko cha ofesi. Inali ya masamba asanu, ndipo inayambira nthawi ya a Jumbe.