Ukaipa Dziwa Nyimbo: Mawu Operekeza Kanema wa ku Tengwe

Kanema wotumiza kumudzi ali ndi zinthu ziwiri, nkhope ndi nyimbo. Nkhope ndi tizidutswa timene foni yajambula: khomo la nyumba, munda, ana, mbale ya ndiwo. Nyimbo ndi mawu amene wotumiza amayankhula pamwamba pa tizidutswato. Akale anati ukaipa dziwa nyimbo, kutanthauza kuti amene sanapatsidwe maonekedwe apeze luso lina loti anthu amukondere. Mwambiwu unabadwa foni kulibe, koma m'makomboni a ku Tengwe ukugwira ntchito mpaka thukuta.

Tengwe ndi dera la mafamu a fodya m'boma la Hurungwe, kufupi ndi tauni ya Karoi, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe. Ambiri mwa olankhula Chichewa kumeneko ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasalande kudzagwira ntchito m'mafamu a azungu, ena wapansi, ena pa malole a ulere, chitaganya cha 1953 mpaka 1963 chisanayambe komanso chili m'kati. Ashona anawatcha Mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre, ngakhale amene Blantyre sanamuoneko. Kumudzi anawatcha matchona. Kuyambira mu 2000 mafamu ambiri analandidwa n'kugawidwa, ndipo a m'komboni ena anatsala pomwepo, kumagwira ganyu kwa eni malo atsopano kapena kulima kachigawo kobwereka. Choncho wolemba mawu a kanema ku Tengwe amayankha mlandu wakale: agogo anapita kukafuna chuma zaka 70 zapitazo, nanga chumacho chili kuti?

Gawo loyamba la mawuwa ndi malonje, ndipo silidumphika. Moni amayambira kwa amalume aakulu, kenako azakhali, kenako ena onse motsata msinkhu, kumalizira ana. Woiwalika m'modzi ndi wokwanira kuipitsa kanema yense, chifukwa iyeyo ndi amene adzaonere kanemayo katatu pofuna umboni. Vuto ndi nthawi. Kanema wa mphindi zitatu ndiye amene bandulo ya olandira ingapirire, pamene malonje a banja lodzilemekeza amadya mphindi yathunthu. Odziwa ntchito amayala malonjewo pamwamba pa kachidutswa kataliko kopanda nkhani, monga njira yochoka ku komboni kupita ku mjigo, kapena munda wa chimanga ukugwedezeka ndi mphepo. Osadziwa amayala pa ziweto. Pamenepo dzina lililonse limagwera pa chithunzi chake, ndipo mawu akuti "moni kwa inu azakhali" akafika nthawi imodzi ndi nkhumba ikutuluka m'khola, palibe nyimbo imene ingakonze nkhopeyo. N'chifukwa chake mawu amalembedwa papepala tizidutswa titasanjidwa kale, mzere uliwonse pambali pa kachidutswa kake, ndipo amawerengedwa mokweza kanemayo akuyenda, asanajambulidwe.

Gawo lachiwiri ndi la chuma, ndipo apa mwambi uja umafunika kuusamala ngati mpeni wakuthwa konsekonse. Nkhope ikaipa kwambiri, denga lodontha ndi ana opanda nsapato, kumudzi amagwira pakamwa n'kufunsa chimene munthu akukakamirira m'dziko la eni. Ikakongola kwambiri, yankho lake limabwera ndi mndandanda: fizi, feteleza, malata a amalume. Akale sanaganize za munthu wofunika kudziwa nyimbo chifukwa wakongola mopitirira, koma ku Tengwe ameneyo ndiye wochuluka. Kanema aliyense ali ndi mtengo wake, ndipo amene amaudula ndi mawu.

Chitsanzo chabwino ndi cha bambo wogwira ntchito pa balani la mwini famu, amene ali ndi abale ku Kasungu, ndipo wajambula tizidutswa tisanu m'mwezi wa Malichi, msika wa fodya utangotsegulidwa. Koyamba ndi njira, ndipo kapita ku malonje. Kachiwiri ndi thirakitala ikudutsa, iye atakhala pa ngolo. Apa luso lonse lili pa kusiyana kwa "tili ndi" ndi "kuno kuli". Akanena kuti "tili ndi thirakitala" wanama, ndipo bodzalo adzalilipira mwezi ndi mwezi. Akanena kuti "thirakitala ya abwana" wanena zoona koma wadzitsitsa pamaso pa alamu. Mawu akuti "kuno kuli thirakitala, amalume, khasu tikuliiwala" alibe bodza loti munthu angaloze ndi chala, ndipo ulemu wasungika. Chichewa chinapatsidwa "kuli" kuti anthu aziima pafupi ndi katundu wa eni popanda kumuba.

Kachitatu ndi koopsa kuposa tonse: mabelo 12 a fodya atasanjidwa m'shedi. Munthu wa ku Kasungu akhoza osadziwa kumene kuli Karoi, koma belo amalidziwa ngati mwana wake. Amaimitsa kanema, n'kuwerenga ndi chala. Amadziwa kuti belo lodzaza bwino limayandikira makilogalamu 100, ndipo akangoyerekeza madola atatu pa kilogalamu, kanema asanathe wapeza kale madola 3,600 a ku Amereka m'thumba la mphwake. Mawu ayenera kufika pa mabelowo masamu asanayambe. Ngati fodyayo ndi wa mwini famu, anene pomwepo: "Awa ndi mabelo amene timamanga ife, koma wotsegula envulopu ndi wina." Ngati ndi wake, achotsere mokweza ngongole ya kampani imene inamupatsa mbewu ndi feteleza, nkhuni, aganyu ndi galimoto yopita kumsika, mpaka womvera ayambe kumva chisoni. Pathandizanso kukumbutsa kuti fodya wa ku Tengwe si wa bale amene amangokolekedwa m'chigafa kuti mphepo imugwirire ntchito. Uyu ndi wowotcha. Amakhala m'balani pafupifupi sabata yathunthu, moto osazima usana ndi usiku, ndipo wosonkhezera akangosinza, tsamba limada ndipo mtengo umagwa. Kachidutswa ka maso ofiira a pa balani cha m'ma 3 koloko m'bandakucha kamachepetsa mndandanda wa zopempha kuposa madandaulo alionse, ndipo n'koyenera kukaika kutsogolo kwa mabelo, osati pambuyo. Fodya ndi uyu ali pamphuno, ndipo wa m'shedi ya eni sanafike n'komwe pachala.

Kachinayi ndi ana, ndipo pano nyimbo yeniyeniyo ndi imene imadwala. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa ndicho choyamba pa mndandanda, ngakhale kuti ulemuwo chinaupeza chifukwa cha alifabeti. Koma Chichewa cha m'komboni chagona mphasa imodzi ndi Chishona kwa mibadwo itatu. Nsima imasanduka sadza, ganyu amasanduka maricho, ndipo zimenezi kumudzi amangoseka. Choopsa ndi mawu ofanana nkhope koma osiyana mtima. M'Chishona kugona ndi kukhoza, pamene kugona tulo ndi kurara. Bambo wonyadira akaloza mwana wake wamkazi mu yunifolomu n'kunena kuti "uyu amagona kwambiri kusukulu", ku Tengwe wanena kuti mwanayo ndi wanzeru, koma ku Kasungu azakhali amayamba kufunsa ngati anamuyezetsa malungo, kapena china choposa malungo. Mankhwala ake ndi kuwerengera pepalalo gogo wa pakomboni amene anabadwira kumudzi, ngati alipo. Gogoyo amakonza mawu atatu, n'kuwonjezera maina asanu ndi awiri a anthu oti apatsidwe moni, ena mwa iwo anamwalira kale. Ana eniakewo ndi bwino kuwaloweza pamtima chiganizo chimodzi chokha, "muli bwanji agogo, ife tili bwino", chifukwa chachiwiri chimatuluka m'Chishona.

Kachisanu ndi gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure. Ameneyu ndi umboni waukulu woti banja silinatchone mtima, ndipo kumudzi amauonera mobwereza. Pano lamulo ndi losavuta: wolankhula atseke pakamwa, ng'oma zimveke. Zakudambwe sizijambulidwa, ndipo chilombo sichifotokozedwa ngati munthu. Wonena kuti "ovinawa ndi achimwene" waswa mwambo m'maiko awiri ndi chiganizo chimodzi, ndipo mlandu wake suthera pa foni.

Kujambula mawu kuli ndi zovuta zake. Komboni siikhala chete. Masana kuli chigayo ndi wailesi za anthu, m'mawa kuli atambala, madzulo kuli oledzera amene amafuna kupereka nawo moni kwa amalume a eni. Ambiri amajambula usiku, m'nyumba, atafunda bulangete kumutu pamodzi ndi foni, chifukwa bulangete limameza phokoso ndi kulira kwa malata. Phokoso la tizidutswa limatsitsidwa koma osalizimitsa, kupatula pamene likuulula zimene mawu akubisa. Kachidutswa ka mbale ya nkhuku kamene bambo akufotokoza kuti "umu ndi mmene timadyera" kamagwa ulemu ngati kumbuyo kukumveka mwana akufunsa kuti kodi lero ndi Khirisimasi. Liwu nalonso liyesedwe. Lowerenga ngati wolengeza za maliro pa wailesi limachititsa kumudzi kudikira dzina la womwalira, ndipo losangalala kwambiri limakumbutsa anthu kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mawu otsiriza ndi lonjezo la ulendo. Kanema wosanena za kubwera kumudzi amaoneka wamwano, koma wotchula mwezi amasanduka kalata ya ngongole, pakuti njira ya ku Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza imafuna pasipoti ndi ndalama, ndipo munthu sangafike chimanjamanja pamudzi pamene anaona mabelo 12. Mawu okhazikika ndi akuti "fodya akayenda bwino, Mulungu akalola, tidzaonana." Zikhomo ziwirizi n'zolimba, ndipo m'mabanja ena chiganizochi chagwira ntchito kuyambira nthawi ya makalata, n'kudutsa ya makaseti, osasintha liwu.

Kanema akatha amatumizidwa pa WhatsApp, kawirikawiri kwa mdzukulu amene ali ndi foni yaikulu, wotumizayo ataima pa chulu pamene netiweki imagwira. Ngati mawu anayenda bwino zimadziwika ndi yankho. Likakhala la moni, kuseka Chichewa cha ana ndi funso la mvula, nyimbo inakwana. Likabwera mofulumira, lili ndi mawu a amalume eniake, n'kuyamba ndi kuyamikira thirakitala, wotumiza amabwerera ku pepala lake kukafufuza pamene "kuli" anaterereka n'kukhala "tili".