Fanelo ya Ngongole ya CDF ku Chama

Chiyambire 2022, pamene boma la Zambia linakweza thumba la CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ku Chama kulibenso munthu wopanda bizinesi. Amene sanawetepo ndi nkhunda yomwe akukamba za nkhuku chikwi. Alamu anga, omwe munda wawo wa mpunga unadyedwa ndi udzu njovu zisanaufike, akufuna chigayo chopunthira mpunga wa anthu onse a kwa Kambombo ndi kwa Tembwe.

Koma ndalama zimatulukira ochepa, ndipo ophunzira ali ndi chithunzi chosonyeza kumene ena onse athera. Amachijambula ngati fanelo yothirira parafini: mzere wapamwamba ndi wautali, wa onse oyamba ulendo, ndipo mizere imafupika pa sitepe iliyonse. Kusiyana kwake nkwakuti parafini yense amafika m'botolo, pamene fanelo ya ngongole imadontha m'mbali.

Tiyerekeze wadi ina ya ku Chama South, manambala tingopeka. Pamsonkhano wofotokoza za ngongole pafika anthu 200. Otenga fomu ndi 120. Musawalire 80 otsalawo: anamva kuti kukhala zakumwa, ndipo atangoona kuti kulibe anakumbukira kuti anasiya nyemba pamoto.

Obweza fomu yokwanira ndi 48 okha. Apa ndiye pali manda. Fomu siyenda yokha, imafuna reji, satifiketi ya bizinesi ya ku PACRA kapena ya koparativu, nambala ya TPIN ya ku ZRA, akaunti ya ku banki, ndi pepala lofotokoza mmene bizinesiyo ibwezere ndalama. Wina reji yake inanyowa ndi mvula, nkhope yasanduka mtambo. Gulu lina latha pa mkangano wa amene akhale msungichuma, ndalama isanabwere ndi ngwee imodzi. Wa kutsidya la Luangwa wayesa kubwera nthawi ya dzinja, wapeza msewu wasanduka dimba. Aliyense wa iwowa mukakumana naye pamsika amayankha mwaulemu wonse kuti, "Mapepala akali kuyenda, amalume." Mapepalawo ali pansi pa matiresi.

Komiti ya chitukuko ya m'wadi yavomereza 36 nkuwatumiza ku komiti ya CDF, ndipo kumeneko apambana 12.

Tsono imvani mmene tauni imawerengera chithunzichi. Maso onse ali pakhosi pa fanelo, pa 24 amene agwa pomaliza. Kumeneko ndiye kumapezeka nkhani zokoma: wakuti ndi msuweni wa akuti, wakuti anapita kwa sing'anga ndi fomu yake. Nzoona kuti pamenepo ndi pothina, pakuti mwa atatu wadutsa mmodzi, ndipo kufunsa mmene anasankhira si mlandu. Koma khosilo limapimidwa ndi kukula kwa thumba. Ngakhale mutaikapo angelo, ndalama za anthu 12 sizikwanira 36. Pa sitepe ya mapepala pagwa anthu 72, kuchulukitsa katatu aja a pakhosi, ndipo palibe amene anawakana. Anadzikana okha, mwakachetechete. Za iwowa pa bawo sipakambidwa, chifukwa nkovuta kunenera mfiti fomu imene sunabweze.

Mzere uliwonse uyerekezedwe ndi umene uli pamwamba pake, osati ndi khamu la pamsonkhano. Mukagawa 12 ndi 200 mupeza 6 mwa 100, nkuyamba kulira maliro. Koma mwa amene anamaliza mapepala, mmodzi mwa anayi walandira. Onetsetsaninso kuti akuwerenga anthu kapena mafomu. Alamu anga aja ali m'magulu atatu: ndi wapampando wa la achinyamata ngakhale imvi zili mbuu, mlembi wa la alimi a mpunga, komanso "mlangizi" wa la amayi. Pachithunzi iwo okha ndi anthu atatu, ndipo atagwa konse, fanelo inalira katatu.

Chithunzichi sichinena chifukwa chimene munthu wagwera. Wotopa, wokanidwa ndi amene akudikirabe yankho onse amasowa mofanana. Amene sanamve nkomwe za msonkhano, kwa Chifunda uko, sapezekapo ndi pamwamba pomwe.

Pali mzere wina umene onse amauiwala mogwirizana, wa obweza ngongole. Mwa 12 aja wina wagula njinga yamoto, wina wakwatira kachiwiri, ndipo mukamukumbutsa amadabwa kwenikweni: "Achimwene, ndalama za boma amabweza?" Amabweza, pakuti thumbalo ndi lozungulira, ndipo zimene iye wadya ndi zimene aja 24 akanabwereka chaka chamawa. Inu amene fomu yanu ili pansi pa matiresi, itulutseni mukatenge TPIN, kenaka mudzatiuze za ufiti.