Safunsa anadya phula, nanga Wofunsa anadya chiyani?

Makolo ankaseka Safunsa chifukwa anatafuna phula uchi uli pomwepo. Chibwerere ChatGPT mu Novembala 2022, Safunsa wasowa m'makoleji. Amene wadzaza ndi mng'ono wake, Wofunsa, yemwe amafunsa usiku wonse mpaka bandulo kutha, koma phula akudyabe.

Titenge wophunzira zamalamulo amene wauzidwa kuti afotokoze mwachidule gawo 44 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994. Gawoli likunena za nthawi imene ufulu wa munthu ungachepetsedwe, ndipo Chingerezi chake n'cholimba moti ukachiwerenga kawiri mutu umayamba kutentha. Mwachidule, kuchepetsako kukhale kolembedwa m'lamulo, komveka, kovomerezeka pa miyezo ya ufulu wa anthu padziko lonse, komanso kofunikadi m'dziko la demokalase. Wofunsa akatenga foni kuti imumasulire zimenezi, palibe mlandu. Akanatha kufunsanso mnzake wa chaka chachinayi, kungoti mnzakeyo akanafuna chipisi.

Vuto limayamba akafika polemba. Wofunsa wina amatenga zimene foni yafotokoza, n'kusintha mawu apa ndi apo, "chifukwa" n'kukhala "popeza", kenako pamwamba n'kulembapo dzina lake. Mawu asinthadi, koma amene anasankha mfundo yoyamba, chitsanzo ndi zoti zisiyidwe ndi makina. Choipa kwambiri chili m'munsi mwa pepalalo, pomwe walemba kuti gwero lake ndi gawo 44, pamene maso ake sanapondeko n'komwe.

Aphunzitsi amamugwira mosavuta. Makinawa anameza zolemba za mayiko ambiri, ndiye angathe kulowetsamo mfundo yoti boma liganizire njira ina yosapweteka kwambiri ufulu. Mfundoyo ndi yabwino ndithu, koma inalembedwa m'gawo 36 la malamulo a South Africa a 1996, ndipo m'mawu a gawo 44 mulibemo. Ngakhale akuluakulu anagwapo m'mbuna imeneyi: mu 2023 khoti la ku New York linalipitsa maloya madola 5,000 atapereka milandu isanu ndi umodzi yopekedwa ndi ChatGPT, imene sanaifufuze.

Wofunsa wanzeru akamva kufotokozako amabwerera ku gawo lenilenilo n'kuliwerenganso, tsopano akulimva. Kenako foni amaivundikira, n'kulemba zimene zatsala m'mutu. Akamaliza amayerekeza chiganizo chilichonse ndi lamulolo, ndipo chimene sangachiloze ndi chala amachifufuta, ngakhale chikhale chokoma bwanji. Ngati aphunzitsi analamula kuti wogwiritsa ntchito makina anene, amalemba mzere umodzi wonena zimenezo. Ngati analetseratu, ndiye kuti ngakhale kufunsa koyamba kuja n'kolakwa m'kalasi imeneyo, ndipo mnzake wa chaka chachinayi uja agulidwe chipisi basi.