Pusi walembetsa sukulu yamadzulo

Akale anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ankanena za pusi wosusuka amene anafuna zipatso zonse za mu mtengo nthawi imodzi. Masiku ano pusiyo amavala tayi kapena chitenje, amaweruka 5 koloko, n'kuthamangira kukalasi yamadzulo kukakonzekera mayeso a Fomu 4 amene anamupulumuka zaka makumi awiri zapitazo.

Mumudziwa ndi kalembedwe. Mphunzitsi akangotsegula pakamwa, cholembera chayamba liwiro. Zapabolodi walemba, nthabwala walemba, ngakhale mawu akuti "mwamva eti?" atsala pang'ono kulowa m'kope. Mnzake wamakono salemba n'komwe, amangojambula bolodi pafoni, chithunzicho n'kukasochera pakati pa zithunzi za ukwati ndi mauthenga a banki m'khonde. Mwana wa zaka 17 angathe kukhala ndi masamba khumi pa phunziro limodzi chifukwa ali ndi masana onse. Koma mayi amene akafika pakhomo akupeza ndiwo zosaphika ndi mwana wotaya yunifolomu, nthawi yake yowerenga ndi mphindi za mu minibasi ndi podikira madzi a nsima kuwira. Masamba khumi salowa pamenepo.

Titenge phunziro la mbiri, la kuukira kwa John Chilembwe. Pusi abwera nawo masamba anayi. Wochenjera akafika kunyumba usiku womwewo amatseka kope, n'kutenga theka la pepala, n'kulipinda m'litali. Kumanzere amalemba mafunso, kumanja mayankho, ochokera m'mutu. Kunachitika liti? 23 Januwale 1915. Kuti? Anthu ananyamuka ku Mbombwe ku Chiradzulu, kumene kunali mishoni yake, n'kukaukira esiteti ya Bruce ku Magomero. Chinawakwiyitsa n'chiyani? Zitatu: thangata, kuwotchedwa kwa matchalitchi ake pa esitetipo, ndi kutengera anthu akuda ku nkhondo ya azungu imene inayamba mu 1914. Zinatha bwanji? Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale. Akatero amatsegula kope lija kuona chimene wadumpha. Mwina apeza kuti waiwala dzina la William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti amene anaphedwa usiku umenewo, amaliwonjezera, basi. Mphindi khumi ndi zisanu, ntchito yatha, ndipo kapepalako kakwana m'thumba la malaya.

Kutseka kopeko si mwambo chabe. Munthu akamakopera kope lili chitsegukire, dzanja limagwira ntchito mutu uli ku ngongole ya lendi. Akalitseka, m'pamene amazindikira kuti "thangata" amangolitchula koma sangafotokoze kuti linali ntchito imene anthu okhala pa malo a mzungu ankagwira m'malo molipira lendi. Ndipo zichitike usiku womwewo, tulo tili m'maso choncho. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza kale mu 1885 kuti zimene taphunzira zimathawa msanga kwambiri m'maola oyambirira. Wodikira Loweruka amapeza kope lake likumuyang'ana ngati sakudziwana, komanso Loweruka la munthu wamkulu lili kale ndi eni ake: maliro, chinkhoswe, kuchapa.

Koma pusi ali ndi mng'ono wake wogwera mbali ina. Uyu atamva kuti manotsi azikhala aafupi, amalemba "Chil. 15, than., nkh." n'kugona mokhutira. Pakatha milungu itatu akudzifunsa ngati "nkh." ndi nkhondo, nkhanza kapena nkhuku zimene anakongola kwa alamu. Muyeso wake ndi wosavuta: phimbani mbali ya mayankho, muyankhe mokweza ngati mukufotokozera mwana wa Sitandade 8. Mukatha kulankhula ziganizo zathunthu, kapepala kali bwino. Mukangoti "eee, zija zija", mwadula mpaka fupa, bwezeranipo mawu awiri atatu. Mwana weniweni wa Sitandade 8 akakhalapo mupatseni kapepalako azikufunsani. Ana amasangalala mochititsa mantha akapeza mpata wouza kholo kuti "mwalakwa, ababa".

Kudzifotokozera m'Chichewa kumathandiza kuti nkhani ilowe, koma a MANEB adzafunsa m'Chingerezi, choncho mawu ofunika a phunzirolo alembedwe momwe adzaonekere pa pepala la mayeso.

Masamu okha ndiwo sagonja ku kapepala. Mungalembe lamulo lake mokongola, kulizunguliza ndi inki yofiira, koma mu minibasi mudzangoliloweza ngati vesi. Pamenepo chofunika ndi chitsanzo chimodzi chowerengeredwa mpaka pa yankho, kuseri kwa pepala kukhale mafunso awiri osayankha, ndipo pensulo ikhale m'thumba. Kondakitala akakuuzani kuti musendere, yankho limatha kulembedwa pabondo la munthu wina, ndiye yambani mwapepesa.